Kalembela wa nshawa, mailo

Nchito yolemba mauthenga ndinaiyamba mwana wanga atangoyamba kuyenda. Bungwe lina la alimi a nshawa, kapena kuti mtedza, limene ofesi yake ili pa boma la Petauke, linkafuna munthu wophunzila nchito kwa miyezi isanu ndi umodzi, woti azilemba pa peji yawo ya pa intaneti ndi kutumiza mauthenga m'magulupu a pa foni. Ine sukulu ndinalekela giledi seveni. Ananditenga chifukwa amene ankalemba ine ndisanabwele anali wa Chizungu chambili, ndipo alimi ankangoona zithunzi n'kupitilila. Ankafuna munthu wolemba monga mmene anthu amakambila pa chigayo.

Wondiyang'anila anali mai wina amene tonse tinkangoti a Madamu. Anali woleza mtima, koma cholembela chawo chofiila sichinkagona. Anandipatsa foni ya ofesi ndi buku, ndipo lamulo linali lakuti uthenga uliwonse ndiyambe ndaulemba m'bukumo, iwo auone, ndiye upite pa peji. Anandiphunzitsa kuti munthu wowelenga afunika kudziwa kuti uthenga ndi wa ndani, chikuchitika n'chiyani, kuti, ndipo liti. Anandiphunzitsanso kuti chithunzi cha munthu sitiika tisanamupemphe, ndi kuti ndemanga iliyonse ya mlimi iziyankhidwa tsiku lomwelo. Koma chimene ankabweleza kwambili chinali kufupikitsa. Uthenga ukatalika, foni imaudula pakati, ndipo mlimi amene ali ndi bandulo ya intaneti ya tsiku limodzi satsegula kuti aone mbali yotsalayo. Ndikalemba mizele isanu ndi umodzi, ankabweza itatu.

"Ukulemba kalata kwa amuna ako kodi?" ankatelo. "Dula."

Ndinaphunzila kudula, mpaka ndinayamba kunyada nako. Ndikaona uthenga wanga wa mzele umodzi wakondedwa ndi anthu ambili, ndinkauonetsa ngakhale kwa aneba amene ankandisungila mwana.

Mvula itatsala pang'ono, bungwe linalandila mbeu ya nshawa ya mtundu watsopano. Inali yochepa, ndiye anakonza zoti magulu a alimi abwele kudzalembetsa, gulu lililonse ndi mamembala ake, tsiku limodzi pa malo amodzi. Ku Petauke kalembela anachitika pa Mande, ndipo ine ndinajambula zithunzi za mzele wa azimai ataima padzuwa ndi zitupa zawo m'manja. Ku Nyimba anaika pa Chinai. Alangizi athu a kumeneko, bambo woyenda pa njinga yamoto, anali atauza magulu kuti kalembela akubwela, koma tsiku lenileni linachedwa kudziwika. Anawauza kuti aziyang'ana pa peji.

Pa Chiwili ndinalemba uthenga m'buku, a Madamu anauona n'kuika chizindikilo chawo. Unali wa mizele itatu, ndipo unali ndi zonse: kalembela adzachitika pa Chinai, pa shedi ya bungwe ku Nyimba, kuyambila m'mawa, mubwele ndi zitupa. Pa Chitatu iwo anapita ku msonkhano ku Chipata, n'kundisiila nchito youika pa peji.

Masana a tsikulo ndinakhala pansi ndi foni. Ndinaona kuti uthenga wopanda chithunzi anthu sauona, ndiye ndinatenga chithunzi chija cha mzele wa azimai a ku Petauke, poti onse anali atavomela kujambulidwa. Kenako ndinayang'ana mizele itatu ija, ndipo inandionekela yaitali. Ndinadula. Chimene chinatsala pansi pa chithunzi chinali ichi:

Kalembela wa mbeu ya nshawa ku Nyimba mailo, pa shedi ya bungwe.

Ndinauona kuti wakongola. Ndinautumiza n'kupita kukatenga mwana.

Kwathu kuno mailo ndi liu limodzi la masiku awili, tsiku lapita ndi tsiku likubwela. Sitisokonezeka nalo chifukwa sililoledwa kuyenda lokha. Ukati ndinapita mailo, aliyense amva kuti zapita. Ukati ndidzapita mailo, amva kuti zikubwela. Ine ndinachotsa liu lakuti adzachitika, m'malo mwa Chinai n'kuika mailo ali yekha, ndipo pamwamba pake ndinaika chithunzi cha anthu amene akulembetsa kale. M'mutu mwanga munali pa Chinai, ndiye ndinkawelenga tsiku likubwela. Sindinaime n'kudzifunsa kuti munthu amene alibe Chinai m'mutu awelenga chiyani.

Ndisanafike n'komwe kunyumba, ndemanga zinayamba kulowa. Imodzi inachokela kwa mai wina wa ku Ndake, dela la m'boma la Nyimba lomwelo, amene ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ndiye anali wapampando wa gulu la azimai khumi ndi awili kumeneko. Iwo ankawatcha a Cheya. Analemba kuti: "Nanga ife a ku Ndake mwatisiya bwanji?"

Ndinaiwelenga ndikuyenda, mwana ali kumbuyo akukoka chitenge. Ndinaganiza kuti akudandaula kuti kalembela tamuika ku Nyimba m'malo mobwela naye ku Ndake, chifukwa madandaulo otelo ankabwela kawilikawili. Tinali ndi yankho lokonzelatu la ndemanga zimene sitingathe kuchitapo kanthu, ndiye ndinalimata pamenepo: "Zikomo amai potilembela, pitilizani kutsatila peji yathu." Ndinaikaponso kamtima.

Funso lawo linali lomveka, ndipo tsiku linali lisanafike. Ndikanangoima pamthunzi n'kuwelenga kawili, ndikanawayankha mau anai okha, akanakwela motoka m'mawa mwake.

Pa Chisanu alangizi anabwela ku ofesi ndi mapepala a kalembela. Anati magulu ambili anabwela, poti ena anawaimbila foni ndipo ena a pafupi anamva kwa anzawo, koma anadabwa kuti gulu la ku Ndake silinaoneke. Anati azimai amenewo ndi amene ankawavutitsa kwambili kufunsa za mbeuyo, ndipo minda anali atakonza kale. Anayesa kuimbila a Cheya pa Chitatu, foni sinapite, koma sanade nkhawa chifukwa ankadziwa kuti mai ameneyo peji saiphonya. Mbeu yonse inali itagawidwa pa maina.

Atangotchula Ndake, ndinakumbukila ndemanga ija. Ndinatuluka ndi foni ngati ndikupita kukamwa madzi, n'kutsegula uthenga uja. Ndinauwelenga monga mlendo. Chithunzi cha anthu pamzele, pansi pake kalembela ku Nyimba mailo. Ngakhale ine ndikanati zinachitika kale.

Pamenepo m'pamene ndinachita chimene chimandiwawa mpaka lelo. Kudula kuja kunali kulakwitsa kwa wophunzila. Ichi ndinachita ndikudziwa. Uthenga wa pa peji umatheka kuukonza utatuluka kale, ndiye ndinaukonza. Ndinabwezelamo adzachitika, ndinaonjezela pa Chinai. Unakhala uthenga wabwino, woti a Madamu sangaupezele chifukwa. Ndinadziuza kuti ndikungokonza cholakwa monga mmene munthu amafufutila m'buku. Koma kalembela anali atapita, ndipo panalibe mlimi amene kukonzako kukanamuthandiza. Ndinkakonzela miyezi itatu imene inanditsalila, ndi kalata yondichitila umboni imene ankapeleka kwa womaliza bwino.

Ndinabwelela mkati n'kukhala pa mpando wanga. A Madamu, amene anali atabwelako ku Chipata, anatsegula peji, anawelenga, anati uthenga uli bwinobwino, mwina azimaiwo anali ndi malilo.

Zimene zinachitika ku Ndake ndinazimva pambuyo pake. Pa Chitatu paja a Cheya ataona yankho langa, anatsimikiza kuti zatha. Anayenda nyumba ndi nyumba kuuza anzawo kuti bungwe lawadumpha, kalembela anachitika iwo osauzidwa. Azimai anadandaula, koma mkwiyo wawo unali pa ife. Ndiye pa Sondo, potuluka m'chalichi, mlamu wa mmodzi wa iwo, amene amakhala ku Nyimba koma anali atabwela kudzacheza, anawafunsa chifukwa chake sanabwele pa Chinai. Anatulutsa foni yake, anatsegula peji, ndipo onse anaona uthenga wanga wokonzedwa uja, wonena poyela kuti adzachitika mailo, pa Chinai. Pansi pake panali ndemanga ya a Cheya ya pa Chitatu, kusonyeza kuti anauona nthawi ikalipo.

A Cheya analumbila kuti sizimene anawelenga. Anatsegula pa foni yawo, ndipo nayonso inaonetsa mau atsopanowo. Analibe chogwila. Ena anati mai ameneyu kuwelenga kwamuthela koma safuna kuvomela. Ena ananena zoipa kuposa apo, kuti anabisa dala kuti malo awo apite kwa abale ake a gulu lina. Anagwilizana kuti pa msonkhano wotsatila asankha wapampando wina.

Pa Chiwili chotsatila a Cheya anakwela basi kubwela ku Petauke. Ndinawaona akulowa pa geti, mai wamtali wa zaka ngati za amai anga, atavala chitenge chatsopano ndi nsapato zafumbi, foni ataikulunga m'kansalu. Anapeleka moni kwa aliyense mmodzimmodzi, ngakhale kwa ine. Ankakamba Chinsenga chosakaniza ndi Chinyanja, modekha. Sanabwele kudzapempha mbeu, anatelo. Anabwela kudzafunsa ngati uthenga uja unalembedwa momwemo kuyambila pachiyambi, chifukwa iwo akukumbuka zina.

A Madamu anawapatsa mpando, anatembenuza kompyuta kuti aone bwino, n'kuwawelengela liu ndi liu. Anachita mwaulemu ndithu. Kenako anatulutsa buku langa n'kuwaonetsa mizele itatu ija ndi chizindikilo chofiila, kuti aone kuti ngakhale pokonzekela tinalemba adzachitika. Anandiyang'ana kuti ndivomeleze.

"Si momwemo?"

"Ndi momwemo," ndinatelo.

A Cheya anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenge, osati kulila, koma monga munthu amene akuyesa ngati akuona bwino.

"Basi ndi maso angawa," anatelo. "Zaka zisanu ndi ziwili ndikuwawelengela anzanga makalata, a kuchipatala, a kusukulu. Kapena nthawi yakwana. Pepani, ndakutailani nthawi, ana anga."

Anaimilila, anatsanzika aliyense, n'kutuluka.

Ndinakhala pamenepo ndikumva phokoso la kompyuta. Ndikanakonda akanatukwana. Munthu wamkulu anali atabwela ulendo wonse uja ali ndi choonadi m'manja, ndipo ine ndinamubweza akukaikila maso ake. Ndikanena kuti ndinalimba mtima nthawi yomweyo ndiye kuti ndanama. Ndinadikila mpaka a Madamu atayamba kulongedza kuti apite kukadya. Ndiye ndinatenga foni, ndinatsegula uthenga uja, ndinadina pamene pamaonetsa mmene uthenga unalili usanakonzedwe, n'kuwaikila patebulo. Malo amenewo aliyense angathe kuwatsegula, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti alipo, ndipo ine ndinkadalila zimenezo.

A Madamu anawelenga mau akale, anawelenga atsopano, anayang'ana tsiku limene ndinakonza. Sanakweze mau. Anandifunsa ngati basi ya ku Nyimba yanyamuka. Ndinathamanga mpaka ku sitesheni, koma ndinapeza itapita.

Ndinabwelela ku ofesi. Pofika nthawi yoweluka a Madamu anandiuza kuti pa Chinai ndikwela njinga ya alangizi kupita ku Ndake, ndipo ndikakambe ndekha pamaso pa gulu. Za kalata yanga anati tidzaona. Anandilanda mphamvu yoika uthenga pa peji ndekha, ndipo sanandibwezele mpaka ndinamaliza.

Mwana ndinamusiya kwa aneba. Kuchoka pa mseu wa tala kulowa ku Ndake, minda inali yolimidwa kale, mizele ili mbee kudikila mvula, ndipo alangizi ankandilozela ndi mutu kuti uwu ndi wa membala wa gulu lija, uwonso.

Azimai tinawapeza atakhala pakhonde la chalichi. A Cheya anakhala kumapeto, patali pang'ono ndi anzawo, ndipo buku la gulu linali kale m'manja mwa mai wina wamfupi wa mau akuthwa, amene ankaoneka kuti ndiye akuyembekezela mpando. Ndinagwada monga mwa mwambo, ndinapeleka moni, n'kunena zonse. Ndinayendetsa foni kuti aliyense aone mau akale ndi maso ake. Amene sankatha kuwelenga ndinawawelengela.

Foni inabwelela m'manja mwanga. Kenako mai wamfupi uja anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndiye mailo wako uja unamutuma yekha ngati mbuzi yopanda chingwe? Iwe mwana, amuna ako akakulembela kuti ndalama mailo, umapita kukagula kapena umayamba kufunafuna m'nyumba?"

Ena anaseka. Wina anafunsa ngati kusukulu kwathu ankaphunzitsa kudula mau kapena ndinaphunzila ku butchala. Ndinalandila zonse, zinali zanga. Koma mai wamfupiyo sanafune kugonja msanga. Anati ngakhale zili choncho, wapampando wanzelu akanatuma munthu ku Nyimba kukafunsa. A Cheya anayankha kuti anafunsa, ndipo ofesi inawayankha ndi zikomo ndi kamtima. Apo aliyense anayang'ana ine.

Alangizi anafotokoza kuti mbeu yatha ndithu, sangalande amene analembetsa, koma gulu la ku Ndake alilemba poyamba pa ulendo wotsatila. Azimai anang'ung'udza. Chaka chimenecho anadzabyala nshawa zawo zakale zosungila.

Ndinaganiza kuti tamaliza, koma a Cheya anakweza dzanja. Anati anthu khumi ndi awili awa amva, koma mlamu uja wa ku Nyimba sanamve, ndi a m'chalichi amene anaona foni ija ikuyenda m'manja sanamve. Ndemanga yawo ikali pa peji pansi pa uthenga wabodza, ndipo aliyense wodutsapo aziti mai wa ku Ndake sadziwa kuwelenga.

"Unandidetsela pa peji, mwana wanga," anatelo. "Undisambitsenso pa peji pomwepo."

Alangizi anaimbila a Madamu, atakwela pa chulu pofuna netiweki. Anakambilana nthawi ndithu, chifukwa bungwe silikonda kudzinena lokha pagulu. Pomaliza a Madamu anati ndilembe, ndiwawelengele pa foni, akavomela aika okha.

Ndinakhala pa sitepe ndi buku pamiyendo. Ndinalemba koyamba kuti tikupepesa chifukwa cha kusamvana kumene kunachitika pa uthenga wa kalembela. Nditawelenga mokweza, a Cheya anapukusa mutu. Anafunsa kuti kusamvana kwa ndani ndi ndani, popeza iwo anamva bwinobwino zimene zinalembedwa. Ndinafufuta. Ndinalembanso kuti uthenga unali ndi vuto. Mai wamfupi uja, amene tsopano anali atasendela pafupi, anati vuto silidzilemba lokha. Ndinafufutanso. Kachitatu ndinalemba motele, ndipo ndinaikamo masiku a mwezi pambali pa dzina la tsiku lililonse:

Kwa alimi a ku Ndake ndi onse. Uthenga wathu wa pa Chitatu wonena za kalembela wa nshawa ku Nyimba tinaulemba molakwika. Tinangoti mailo, ndipo tinaika chithunzi cha kalembela wa ku Petauke amene anali atachitika kale. Pa Chisanu, kalembela atapita, tinasintha mauwo osakuuzani. Wapampando wa gulu la azimai a ku Ndake anawelenga bwino ndipo anauza anzake zoona. Olakwa ndife.

Unali wautali kuposa uthenga uliwonse umene ndinalembapo. A Madamu anamvetsela pa foni mpaka kumapeto, kenako anati mzele wonena za wapampando ukwele pamwamba, kuti foni ikadula uthenga, umenewo uoneke. Sanachotsepo liu. Anati aika wopanda chithunzi.

Tinadikila pakhondepo mpaka unatuluka. A Cheya anamasula kansalu, anatsegula foni yawo, anaimilila n'kuuwelenga mokweza kuyambila pamwamba mpaka pansi, pang'onopang'ono, osaphonya. Atamaliza anakhala pansi. Mai wamfupi uja anayang'ana buku la gulu limene linali pamiyendo pake, analipukuta fumbi, n'kulipeleka kwa wa pambali pake, ndipo linayenda m'manja mpaka linafika kumapeto kwa khonde.

Sanasankhe wapampando wina. Koma tisananyamuke, mai wina wachikulile anati, popanda kukhumudwitsa munthu, kuyambila tsopano uthenga wa ku bungwe uziwelengedwa ndi anthu awili pa mafoni awili, gulu lisanauzidwe. Onse anavomela kuti ndi nzelu. A Cheya nawonso anavomela, akukulunga foni yawo m'kansalu, osayang'ana munthu. Alangizi anandiuza miyezi ingapo pambuyo pake kuti lamulolo likugwilabe nchito, ndipo wachiwili wowelenga ndi mai wamfupi uja.